Dzanja Lisanafike Pakhutu

Kapepalako kanabwera m'chikwama cha mwana, katapindidwa pakati pa kope lowerengera ndi juzi yonyowa. Panalembedwa nambala imodzi, 27, ndi mawu aulemu akuti mwana wathu sanafike pamlingo woyembekezeka ndipo adzayesedwanso chaka chamawa. Munali mu Julayi 2023, mumzinda wina wakumpoto kwa Mangalande kumene takhala zaka zingapo tsopano. Mayesowo ndi aja amene ana onse a kuno amayesedwa mu Juni, m'chaka chawo chachiwiri pasukulu. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzi payekha n'kumuonetsa mawu 40 kuti awerenge mokweza. Theka la mawuwo ndi enieni, theka ndi opeka, opanda tanthauzo, ojambulidwa pambali pa tizilombo toseketsa, kuti aone ngati mwana amalumikizadi maliwu a zilembo kapena amangoloweza. Wokhoza amayenera kupeza 32. Wanga anapeza 27. Mnzake wa khomo loyandikana nalo, amene amayenda naye m'mawa uliwonse atagwirana manja, anapeza 37, ndipo ndinazimva tsiku lomwelo chifukwa nkhani zotere sizigona m'nyumba. Chimene chimandivutitsabe mpaka lero ndi mawu amene anatuluka pakamwa panga nditaima pasinki, m'Chichewa chakwathu chimene mwanayo amamva ngakhale sayankhula kwenikweni. Ndinati, "Vuto lako ndi masewera. Taona mnzako." Sanalire. Anangotenga chidole chake n'kukwera kuchipinda. Mayi ake anadikira mpaka chitseko chitatsekeka, kenako anati, "Bambo, mnzake mukunenayo akumusiya ndi chaka chathunthu. Mwaiwala kuti tinadya keke yake mwana wathu akadali ndi zaka zisanu?"

Sindinaiwale, kungoti sindinawerengerepo. Usiku umenewo ndinawerengera kumbuyo kwa kapepala komweko. Kuno chaka cha sukulu chimasonkhanitsa ana obadwa kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 31 Ogasiti chaka chotsatira. Mwana wathu anabadwa pa 29 Ogasiti 2017. Mnzakeyo anabadwa pa 3 Sepitembala 2016. Onse awiri analowa pakhomo la kalasi imodzi mu Sepitembala 2021, atavala yunifolomu yofanana, wina ali ndi miyezi 48, wina miyezi 60. Kwa munthu wa msinkhu wanga miyezi khumi ndi iwiri si kanthu, ndimasokoneza ngakhale chaka chimene ndinagula galimoto. Koma kwa mwana wa miyezi 48, miyezi 12 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a moyo wake wonse. M'miyezi imeneyo zala zimaphunzira kugwira pensulo osaifinya ngati mpini wa khasu, mawu odziwa amachuluka, thupi limaphunzira kukhala phee pamkeka mpaka nthano ithe, ndiponso kudikira kuti ufike kuchimbudzi. Akanachedwa kubadwa ndi masiku atatu okha, ndipo azamba anali atatiuza kuti tiyembekezere Sepitembala, akanakhala wamkulu pa onse m'kalasi ya chaka chotsatira. Mwana yemweyo, mutu womwewo, makolo omwewo. Ndinakhala ndikuyang'ana masiku atatuwo mpaka tiyi anazizira.

Poyamba ndinaganiza kuti mwina ndi zodzitonthoza za mayi ake, monga makolo tonse timachitira mwana akalephera. Koma nkhaniyi anthu anaiwerengera kale, ndipo anaipatsa dzina lotanthauza mphamvu ya msinkhu wa mwana poyerekeza ndi anzake a m'kalasi. Bungwe la Institute for Fiscal Studies la ku London linatulutsa lipoti mu 2013 litatsata zotsatira za ana a m'sukulu zaboma za ku Mangalande. Kusiyana kumakhala kwakukulu ana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kumachepa akamakula, koma osatheratu. Pofika mayeso a GCSE, amene amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16, pa ana 100 aliwonse obadwa mu Ogasiti, okhoza bwino maphunziro asanu amaperewera ndi ana pafupifupi 6 poyerekeza ndi obadwa mu Sepitembala. Pokalowa kuyunivesite amaperewera ndi pafupifupi 2. Kuchepako n'komveka ukabwerera ku masamu a pakapepala aja. Pa tsiku la mayeso owerenga mwana wanga anali ndi miyezi 69 ndipo mnzake 81. Podzalemba GCSE adzakhala ndi miyezi 189, ndipo miyezi 12 ija idzangokhala gawo limodzi mwa magawo 16 a moyo wake. Chimene sichinandikhalire bwino ndi chakuti kusiyanako sikufika pa ziro. Mwana wa zaka 15 ndi miyezi 9 sasiyana kwenikweni ndi wa zaka 16 ndi miyezi 9 pa kagwiridwe ka cholembera, komabe pamndandanda wa okhoza mwezi wobadwira umaonekabe.

Maganizo anga oyamba anathamangira ku nyengo, chifukwa ndi mmene tinakulira. Kwathu mwana wobadwa m'miyezi ya njala, nkhokwe zitauma ndipo mayi akudya kamodzi patsiku, timadziwa kuti wayamba moyo movutikira, ndipo zimenezo ndi zenizeni pazokha. Ndiye ndinati mwina Ogasiti wa kuno ali ndi chake, kaya dzuwa, kaya chimfine cha m'nyengo yozizira chimene mayi anadwala ali woyembekezera. Koma ku Japan sukulu imayamba mu Epulo, ndipo kumeneko amene amatsalira ndi obadwa mu Malichi, pamene obadwa mu Epulo ndi Meyi ndiwo amatsogola. Ku Canada magulu a ana osewera hoke ya pa madzi oundana amadulira pa 1 Januwale, ndipo kumeneko Roger Barnsley ndi anzake analemba mu 1985 kuti m'matimu apamwamba a achinyamata, obadwa m'miyezi itatu yoyamba ya chaka anali ochuluka pafupifupi kanayi kuposa obadwa m'miyezi itatu yomaliza. Mukasuntha tsiku lodulira, tsoka limasamuka nalo. Choncho palibe mwezi woipa. Pali mzere umene munthu wina anajambula pakalendala ali mu ofesi, pazifukwa zabwinobwino, poti sukulu siingalandire ana tsiku lililonse, ndipo mwana wanga anagwera mbali iyi ya mzerewo.

Apa m'pamene nkhaniyi inasiya kukhala ya mwana wanga yekha n'kuyamba kundikhudza ineyo, ndipo sindinakondwere nazo. Ine ndinakula ndikudziwika kuti ndine wanzeru. Tsiku lotsekera sukulu, ahedi akamaitana mayina pansi pa mtengo wa mango makolo atakhala pamabenchi, dzina langa silinkapitirira nambala 3. Amayi ankalulutira, ndipo madzulo kunkafa nkhuku. Ndanyamula mbiri imeneyo moyo wanga wonse ngati chinthu chobadwa nacho, ndipo ndi imene inali kuyankhula pasinki paja. Koma nditakhala ndi kapepala kaja ndinakumbukira m'mawa wina amayi atanditengera kokalembetsa sitandade 1. Kalata yobadwira panalibe. Aphunzitsi anati ndidutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu ndigwire khutu lakumanzere. Ndinali wamutu waukulu ndi timanja tatifupi, ndipo zala zinathera m'tsitsi. Anatibweza. Chaka chotsatira kunali matenda pakhomo ndipo nkhani ya sukulu inaiwalika. Ndinadzayamba ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, nditaphunzira kale kuwerenga ndalama pogulitsa nthochi za agogo pamsewu, ndikudziwa zilembo zina kuchokera m'makope a achimwene. Ndinawaimbira amayi kuti nditsimikize. Anaseka n'kunena kuti, "Iwe unali bambo m'kalasi muja. Anzako ankakutcha ankolo." Pabenchi yathu panali kamnyamata, mwana wa aphunzitsi ena, amene analowa ali ndi zaka zisanu poti bambo ake anali pomwepo ndipo palibe anamuyesa khutu. Ankagona masana mutu uli pabondo, ankalira akamubera pensulo, ndipo dzina lake linkamveka kumapeto, pamene makolo ayamba kale kunyamula mabenchi. Tinkamutcha dzina limene sindilemba pano. Ndinkamusiya ndi zaka zitatu, ndipo kwa zaka makumi atatu ndakhala ndikukhulupirira kuti ndinkamuposa nzeru.

Ndisanamize kuti kwathu zimayenda chimodzimodzi ndi kuno. M'kalasi ya ku Malawi, ngakhale lamulo limati mwana ayambe ali ndi zaka 6, mumapezeka wa zaka 5 ndi wa zaka 10 pabenchi imodzi, ndipo nthawi zambiri wamkuluyo ndi amene wabwereza kawiri, kapena anachedwa chifukwa cha umphawi, mtunda kapena ganyu. Woteroyo sakhala nambala wani, ndipo ambiri mwa iwo amasiyira panjira. Ndiye mukangoyang'ana zaka ndi malikisi mungaganize kuti ang'ono ndiwo amachita bwino, chonsecho mwayerekeza ana amene mbiri zawo n'zosiyana kutali. Ku Mangalande chinthuchi chimaoneka poyera chifukwa pafupifupi ana onse amalowa pa nthawi yake ndipo sabwereza, motero obadwa pa 29 Ogasiti ndi pa 3 Sepitembala amachokera m'mabanja a mitundu yonse mofanana, osiyana tsiku lokha. Koma kubisika sikutanthauza kuti kulibe. Ndimadzifunsa kuti mwa ana amene amabwerezetsedwa sitandade 1 kwathu, ndi angati amene vuto lawo linali lakuti dzanja linali lisanafike pakhutu. Ndipo kayesedwe ka aphunzitsi aja, kamene tinkaseka titakula, kanali kuyesa thupi la mwana amene waima patsogolo pawo. Kalendala ya kuno siyang'ana mwana n'komwe.

Chaka chinatha, ndipo mu Juni 2024 mwana wanga anayesedwanso mawu 40. Anapeza 38. Anali ndi miyezi 81, ndendende msinkhu umene mnzake anali nawo pamene anapeza 37. Ndinasangalala ngati munthu wopambana mlandu, ndipo ndinatsala pang'ono kukagogoda khomo loyandikana nalo. Koma chisangalalocho chinali ndi bowo, ndipo mayi ake, amene samandisiya kuti ndisangalale mopusa, analiloza. Pofika miyezi 81 mwana wathu anali ataphunzira zaka zitatu, pamene mnzake pa msinkhu womwewo anali ataphunzira ziwiri. Ndiye chinamukweza n'chiyani, kukula kapena chaka chowonjezera cha maphunziro? Funso limeneli ndi limene limazunguza ngakhale akatswiri, chifukwa zinthu zitatu zamangidwa mfundo imodzi. Msinkhu wa mwana pa tsiku la mayeso ndi msinkhu umene anayambira sukulu kuphatikiza nthawi imene wakhala pasukulu. Ana a kalasi imodzi akamalemba tsiku limodzi, amene anayamba ali wamng'ono ndi yemweyonso akulemba ali wamng'ono, ndipo simungadziwe kuti chamupweteka ndi chiti, kufulumira kuyamba kapena kufulumira kuyesedwa.

Amene anamasula mfundoyi mondikhutiritsa ndi Sandra Black, Paul Devereux ndi Kjell Salvanes, amene mu 2011 anafalitsa zimene anapeza ku Norway. Kumeneko anyamata ankayesedwa nzeru polembetsa usilikali ali ndi zaka pafupifupi 18, pa masiku osayendera kalendala ya sukulu, kotero zinatheka kulekanitsa msinkhu woyambira sukulu ndi msinkhu wolembera mayeso. Anapeza kuti kukhala wamkulu pa tsiku la mayeso kumakweza malikisi kwambiri, koma kuyamba sukulu mochedwa pakokha sikuwonjezera nzeru, ndipo ngati pali kusiyana, kumakomera pang'ono amene anayamba msanga. Lipoti la ku London lija linafika pafupi pomwepo, kuti gawo lalikulu la kusiyanaku limachokera pa msinkhu umene mwana ali nawo polemba, ndipo linapempha kuti malikisi a mayeso a dziko lonse aziwerengedwa moganizira mwezi wobadwira. Si chinthu chachilendo. Mayeso amene ana a zaka khumi amalemba m'madera ena a kuno polimbirana malo m'sekondale zosankha ana amawerengedwa kale choncho, mwana aliyense poyerekeza ndi a msinkhu wake wa miyezi. Zimenezi zinandichotsera maganizo amene ndinayamba kudzizunza nawo, akuti tikanapempha kuti mwana achedwe chaka chimodzi, poti makolo a ana obadwa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti amaloledwa kupempha zimenezo. Mwina zikanamuthandiza iyeyo. Koma akanakhala ankolo a kalasi ina, ndipo mwana wa munthu wina, amene makolo ake sadziwa kulemba makalata opempha, akanapezeka akusiyidwa ndi miyezi pafupifupi khumi ndi iwiri. Kalasi iliyonse imakhala ndi chitsiriza chake.

Ngati vuto likanangokhala tsiku la mayeso, bwenzi nkhani itathera pa 38 paja. Koma aliyense amene anapakizapo chimanga amadziwa kuti mbewu yobwera mochedwa siingotsalira ndi masabata atatu amene inachedwa. Zinzake zimaiphimba, zimayamba kumwa dzuwa ndi feteleza, ndipo pokolola kusiyanako kumaposa masabata atatu aja. M'chaka chimene chinadutsa pakati pa 27 ndi 38, mwana wanga anaikidwa pagulu la owerenga pang'onopang'ono. Magulu a kuno amapatsidwa mayina a mitundu kapena a mbalame kuti ana asazindikire, koma mwana aliyense amadziwa gulu la anzeru pofika Lachitatu la sabata yoyamba. Gulu lake linkapatsidwa timabuku ta mizere iwiri patsamba, lija la mnzake likuwerenga nkhani za mitumitu. Ankatuluka m'kalasi ndi wothandizira aphunzitsi kukabwereza maliwu pa nthawi imene anzake akumva nthano. Sindikuimba mlandu aphunzitsiwo, amene anali oleza mtima kuposa ine, ndipo thandizolo linamuthandizadi. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sanena kuti ndine wamng'ono ndi miyezi khumi ndi iwiri. Amanena kuti sinditha. Ndipo akabwera kunyumba n'kupeza bambo ake pasinki akumuuza kuti taona mnzako, amakhala wamva kuchokera mbali zonse ziwiri.

Dzina limene timapatsa mwana likhoza kufika mpaka kuchipatala. Mu 2018 Timothy Layton ndi anzake anafalitsa mu New England Journal of Medicine zimene anapeza pa ana oposa 400,000 a ku America. M'zigawo zimene zimadulira pa 1 Sepitembala, pa ana 10,000 aliwonse obadwa mu Ogasiti, pafupifupi 85 anapezeka ndi ADHD, vuto lija la kusakhazikika ndi kulephera kutchera khutu, pamene mwa obadwa mu Sepitembala anali pafupifupi 64. M'zigawo zimene sizidulira pa tsikulo, kusiyana kwa miyezi iwiriyi kunalibe. Vutolo lilipo ndithu, ndipo ana amene ali nalo amafunika thandizo, koma manambalawa akusonyeza kuti ena mwa anawo ankangochita zimene mwana wa zaka zisanu amachita, atakhala pakati pa a zaka zisanu ndi chimodzi. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira msonkhano wina wa makolo pamene aphunzitsi anati mwana wathu sakhazikika pamkeka, ine n'kumagwedeza mutu, ndikukonza kale m'mutu chilango cha kunyumba. Funso losavuta silinandibwerere, lakuti sakhazikika poyerekeza ndi yani. Ndi ana obadwa mu Julayi ndi Ogasiti anzake, kapena ndi kalasi yonse? Ngati akutsalira ngakhale pakati pa a miyezi yake, kapena ngati teremu ikutha osasuntha pamene anali, pamenepo pali china choti tifufuze, ndipo mwezi wobadwira usakhale pobisalira. Koma ngati akuyenda pa liwiro la anzake, kungoti anayambira kumbuyo, ndiye kuti tikuyang'ana msinkhu.

Ndimabwererabe kwa kamnyamata ka pabenchi paja. Ndinafunsa achimwene ngati akudziwa kumene ali, ndipo anati anabwereza kawiri, sanasankhidwe kupita kusekondale, ndipo pano ali ndi shopu yokonza mawailesi ndi mafoni patauni ina, ndipo anthu amachoka kutali kumutsata. Sindinganene kuti moyo wake ukanakhala wina akanadikira chaka, poti anthu ambiri obadwa kumapeto kwa mzere amadzakhala madokotala, ndipo ambiri obadwa kumayambiriro amalephera. Zimene ofufuza amapeza zimaoneka ukaunjika ana zikwi, osati pamphumi pa mwana mmodzi. Chimene ndinganene n'chakuti palibe mmodzi mwa ife pansi pa mtengo wa mango paja, ahedi, makolo, ngakhale bambo ake omwe, amene anaganiza zofunsa zaka za amene akuitanidwa poyamba ndi za amene akuitanidwa pomaliza. Timati m'mera m'poyamba, ndipo timanena mwambiwu pofuna kuti mwana aumbidwe akadali wamng'ono. Koma timaugwiritsanso ntchito poweruza, ngati kuti mmene mbewu yaonekera sabata yachiwiri ndi mmene idzakhalire, osafunsa kuti inadzalidwa liti.

Mwana wanga tsopano amawerenga mabuku okhuthala atafunda bulangete, nyali itazimitsidwa kale kawiri. Koma tsiku lina alendo atamufunsa phunziro limene amakonda, anayankha kuti kujambula, poti iye kuwerenga satha kwenikweni, amatha ndi mnzake uja. Ndinamuonetsa mapepala awiri aja, la 27 ndi la 38, n'kumufotokozera za miyezi 69 ndi 81 pogwiritsa ntchito nyemba patebulo. Anamvetsera mwaulemu, n'kufunsa ngati angapite kukasewera. Ndinamupepesanso za pasinki paja, ndipo anati sakukumbukira, koma sindikumukhulupirira. Inu amene muli ndi mwana amene mwayamba kale kumutcha waulesi kapena wouma mutu, musanapite kukakumana ndi aphunzitsi ake tsegulani buku lake la kusikelo muone tsiku limene anabadwa, ndipo mukafika kumeneko mufunse kuti mwa anzake a m'kalasi ndi angati amene ndi aang'ono kwa iye.